Nkhani ikakhala yolemera: titumize voisi noti kapena tilembe?

Kale uthenga wa zovuta unkayenda ndi miyendo ya munthu. Matenda akakula kapena maliro akagwa pamudzi, akuluakulu ankasankha woti atumidwe, ndipo sankangotola aliyense. Wotumidwayo akafika ankayamba wakhala pansi, kulonjerana ndi eni khomo, kuona amene alipo, kenako n'kuitanira pambali munthu woyenera kumva nkhaniyo poyamba. Ankayang'ana nkhope ya womverayo n'kudziwa poti apitirire ndi poti ayambe waima kaye.

Lero abale athu ali ku Lilongwe, ku Joni, ku Lusaka, ku Tete ngakhale ku Mangalande, ndipo wotumidwa wathu ndi foni. Foni siikhala pansi, siiona amene alipo, ndipo siidikira kuti munthu amalize kudya. Ntchito yonse imene wotumidwa uja ankagwira yatsalira inu amene mwagwira foniyo, ndipo muyenera kuigwira musanadine potumizira. Funso loti mutumize voisi noti kapena mulembe meseji yankho lake silichokera pa zomwe inuyo mwazolowera. Limachokera kwa wolandirayo: ali kuti, ali ndi ndani, ndipo akamva adzafunika kuchita chiyani.

Zomwe mawu apakamwa amanyamula

WhatsApp inabweretsa ma voisi noti mu 2013, ndipo kwathu kuno anthu anawalandira ndi manja awiri. Chifukwa chake n'chodziwika. Agogo amene maso ayamba kuchita chidima amatha kumvera okha osapempha mdzukulu kuti awawerengere. Munthu amene sanapite patali ndi sukulu amalankhula zakukhosi kwake popanda kuopa kuti walakwitsa kalembedwe. Komanso ambiri a ife timaganiza bwino m'Chichewa cholankhula kusiyana ndi cholemba, makamaka foni ikamasintha yokha mawu athu kuwayesa Chingerezi cholakwika.

Koma phindu lalikulu la voisi noti ndi lakuti imanyamula mtima wa wolankhula. Chiganizo choti "ndamva zomwe munachita" chikalembedwa, wina angachiwerenge ngati chiyamiko, wina ngati chiyambi cha mlandu. Chikalankhulidwa, khutu limamva ngati mwiniwake akumwetulira kapena wakwiya. Mu 2005 akatswiri a kaganizidwe ka anthu a ku America, Justin Kruger ndi Nicholas Epley pamodzi ndi anzawo, anasindikiza kafukufuku pa nkhani yomweyi. Anauza anthu kuti atumize ziganizo, zina zonena zoona ndipo zina zachipongwe, ena kudzera pa imelo ndipo ena pojambula mawu. Omvera mawu ankatha kuzindikira cholinga cha wolankhula pafupifupi katatu mwa kanayi kalikonse, pomwe owerenga ankangoposa theka pang'ono, kusiyana pang'ono chabe ndi kungolotera. Chochititsa chidwi n'chakuti olembawo anali ndi chikhulupiriro chonse kuti amvedwa bwino. Polemba, munthu amadzimva yekha m'mutu mwake mmene akunenera, n'kuiwala kuti mnzakeyo angolandira zilembo zokhazokha.

N'chifukwa chake kupepesa, kutonthoza wofedwa, kukana pempho la m'bale amene mumamukonda kapena kufotokoza cholakwa chanu kumayenda bwino ndi mawu apakamwa. Pa nkhani zoterezi wolandira amafuna kudziwa ngati mukumusungirabe malo mumtima, ndipo zimenezo zimamveka m'mawu.

Komabe voisi noti ili ndi zofooka zake. Siionetsa zomwe yanyamula mpaka munthu ataitsegula, choncho angaitsegule paliponse: m'minibasi yodzaza, m'sitolo momwe akugwira ntchito, kapena pakhonde ana atamuzungulira. Akaidina osaika foni kukhutu, mawu amatulukira pa sipika ndipo onse amene ali pafupi amamva. Mukatumiza ma voisi noti angapo motsatizana, woyamba ukatha wachiwiri umayamba wokha. Kuyambira mu 2021 munthu amatha kuthamangitsa mawu podina 1.5x kapena 2x, ndipo amene anazolowera kumvera motero angamve uthenga wanu wachisoni ukuthamanga. Komanso dzina la wodi ya kuchipatala, nambala ya foni kapena kuchuluka kwa ndalama zikakhala mkati mwa mawu a mphindi zinayi, munthu amavutika kuzipeza pamene akuzifuna.

Zomwe kulemba kumasunga

Meseji yolemba imachita bwino pomwe voisi noti imalephera. Imawerengeka mwakachetechete, ngakhale pamsonkhano. Imadutsa ngakhale netiweki ili yofooka kapena bandulo ili pafupi kutha, pomwe voisi noti imangozungulira osatsika. Munthu angaiwerenge kawiri katatu, n'kuisaka mawa lake polemba liwu limodzi lokha. Zimene mwagwirizana pa ngongole, tsiku lobweza, nthawi ya mwambo, dzina la mankhwala, zonsezi malo ake ndi m'zolemba.

Kulemba kumakupatsaninso mpata wokonza. Kuyambira mu 2023 WhatsApp imalola kusintha meseji mkati mwa mphindi 15 mutaitumiza, podina Edit. Voisi noti siikonzeka. Mukaitumiza, chomwe mungachite ndi kuifufuta basi. Delete for everyone imagwira ntchito kwa masiku awiri kapena kupitirira pang'ono, koma imasiya chizindikiro choti panali uthenga womwe wachotsedwa, ndipo ngati munthu anaumva kale, palibe chomwe mwapulumutsa. Pa nthawi ya matenda, uthenga wofufutidwa umaopsa kuposa womwe unalipo, chifukwa wolandira amayamba kuganiza kuti mukumubisira maliro.

Vuto la kulemba ndi lakuti meseji imadziulula yokha. Mawu oyambirira amaonekera pagalasi la foni ngakhale foniyo ili yokiya, ndipo aliyense amene ali nayo pafupi angawerenge. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, kapena imakhala kotchajitsa pamsika theka la tsiku. Ngati wolandirayo satha kuwerenga, nkhani yanu idzayamba yadutsa m'kamwa mwa mwana wasukulu isanafike kwa mwini wake.

Mafunso atatu musanasankhe

Funso loyamba ndi lakuti: kodi nkhaniyi ndi yoti munthu angaimve ali yekha? Imfa ya kholo, mwana kapena mwamuna kapena mkazi wake si yotumiza pa voisi noti ngakhale pa meseji. Chimodzimodzinso kuthetsa banja kapena chibwenzi cha nthawi yaitali, ndiponso kuuza mnzanu wogona naye zotsatira za kuyezetsa magazi. Njira ziwiri zonsezi n'zolankhula munthu mmodzi. Simumva pamene mnzanuyo wayamba kulira, ndipo iye sangakudukizeni kuti afunse. Nkhani zotere zimafuna kuimba foni kapena kukumana maso ndi maso. Ngati munthuyo ali kutali, yambani mwapeza wachibale, mnzake wodalirika kapena mkulu wa mpingo amene ali naye pafupi kuti akakhale naye pamene mukuimba. Apa ntchito ya meseji ndi kuodira chabe, monga mlendo amaima pabwalo n'kunena kuti odi, kudikira kuti mwini nyumba akonzeke.

Funso lachiwiri: kodi chofunika kwambiri kuti chifike ndi mtima wanu kapena mfundo zoti munthu agwiritse ntchito? Ngati ndi mtima, lankhulani. Ngati ndi mfundo, lembani. Nkhani zambiri zolemera zimakhala ndi zonse ziwiri, ndipo palibe choletsa kugwiritsa ntchito njira zonse, iliyonse pa ntchito yake.

Funso lachitatu: uthengawu ukafika kwa munthu amene simunamulinge, chingaonongeke n'chiyani? Kuyambira mu 2016 mauthenga a pa WhatsApp amayenda otsekedwa moti wina panjira sangawatsegule, koma chitetezo chimenechi chimathera pafoni ya wolandira. Iye akafuna, amangodina kawiri uthenga wanu n'kufika pagulu la banja lonse. Zolemba munthu amatha kuzijambula, ndipo voisi noti imapita ndi mawu anu enieni, omwe aliyense wokudziwani adzawazindikira. Chakumapeto kwa 2023 kunabwera View once ya ma voisi noti, yomwe imachititsa kuti uthenga umveke kamodzi kokha n'kuzimiririka, koma munthu angathe kuujambula ndi foni ina pamene ukulira. Choncho chinsinsi cha munthu wina, monga matenda ake kapena za m'banja mwake, musachiike m'njira iliyonse mwa ziwirizi popanda chilolezo chake.

Chitsanzo: bambo adwala, mchimwene ali ku Joni

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Balaka ali ndi mchimwene wake wamkulu amene amagwira ntchito m'sitolo ku Johannesburg. Usiku bambo awo agwa, mkono ndi mwendo wakumanja zafooka, ndipo akulephera kulankhula bwino. Achipatala cha boma awatumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe madokotala anena kuti ndi sitiroko. Pa mayendedwe ndi zofunika zina, mayiyu wagwiritsa ntchito K150,000 pa ndalama zomwe mchimwene wakeyo anatumiza kuti agulire malata. Ali ndi nkhani ziwiri zolemera: matenda ndi ndalama.

Chimene ambiri timachita pa nthawi yotere ndi kudina kachizindikiro ka maikolofoni tili pakhonde la chipatala, misozi ili m'maso, n'kuyamba kuti: "Achimwene, ine sindikudziwa kuti ndiyambire pati, zinthu kuno sizili bwino, abambo…" Mawu akatsamwa pamenepo, womvera amamaliza yekha chiganizocho, ndipo amachimaliza ndi maliro. Ngakhale patsogolo pake munene kuti bambo ali moyo, mwina iye wagwetsa kale foni. Winanso amalemba mwachidule kuti "imbani msanga", zomwe zimaopseza chimodzimodzi, makamaka kwa munthu amene bwana wake salola kugwira foni mpaka nthawi yoweruka.

Mayiyu angachite bwino poyamba ndi kuganizira nthawi. Malawi ndi South Africa nthawi yake ndi imodzi, choncho ngati kuno ndi 10 koloko m'mawa, mchimwene wake ali pakati pa ntchito. Akanakhala ku Britain, akanachotsera ola limodzi kapena awiri, malinga ndi nyengo. Matendawa ndi aakulu moti sangadikire mpaka usiku, koma si oti munthu awamvere pamaso pa makasitomala. Ndiye ayambe ndi meseji yaifupi yolemba, yomwe ngakhale itaonekera pagalasi siiwulula zambiri koma siinama:

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Abambo adwala ndipo agonekedwa ku Queens. Ali moyo, ine ndili nawo pompano. Mukapeza mpata ndi malo oduka mphepo mundiuze, ndikufotokozereni bwino."

Mesejiyi yanena kuti nkhani ndi ya ndani, yachotsa mantha aakulu ponena kuti ali moyo, ndipo yapatsa wolandira ufulu wosankha nthawi ndi malo. Madokotala amene amaphunzitsidwa kuuza odwala nkhani zovuta amatsatira njira yofanana. Ndondomeko yotchedwa SPIKES, yomwe Walter Baile, Robert Buckman ndi anzawo anasindikiza mu 2000, imayamba ndi kukonza malo ndi nthawi, ndipo imalangiza kuchenjeza munthu kuti kukubwera nkhani yovuta musanaitchule, kenako kuinena m'mawu osavuta, pang'onopang'ono.

Mchimwene uja akayankha kuti ali pa nthawi yopuma, chabwino koposa ndi kuimbirana. Koma tiyerekeze kuti netiweki ikungodukaduka, monga zimachitikira. Apa ndi pomwe voisi noti ikugwira ntchito yake, ndipo iyenera kukonzedwa isanajambulidwe.

Kukonza zoti munene

Tengani kapepala, kapena lembani pafoni pomwepo, mizere inayi yokha. Woyamba: chachitika n'chiyani, m'chiganizo chimodzi. Wachiwiri: pakadali pano zinthu zili bwanji, malinga ndi zomwe mwaona ndi maso komanso zomwe adokotala anena. Wachitatu: chomwe sichinadziwike. Wachinayi: chomwe mukufuna kuti womverayo achite, kapena chomwe inu muchite kenako. Musalembe mawu onse oti muziwerenga, chifukwa mawu owerenga amamveka ouma ngati chilengezo cha pa wailesi, ndipo mukatero mwataya chomwe munasankhira voisi noti.

Pezani malo opanda phokoso. M'wodi mumamveka kubuula kwa odwala ena, ndipo womvera angaganize kuti ndi bambo ake. M'malo mogwirizira chala pa maikolofoni, ikokereni m'mwamba kuti ikiyike. Mukatero mungathe kuimitsa kaye kujambulako mawu akakutsamwani, kupuma, n'kupitiriza, ndipo mungathe kumvera zonse musanatumize. Zikapanda kukukhutiritsani, pali kachizindikiro ka bini kotayira. Voisi noti ya mayi uja ingamveke chonchi:

"Achimwene, ndine ndemwe. Abambo anagwa dzulo usiku kunyumba, ndipo adokotala akuti ndi sitiroko. Panopa ali maso, akutizindikira, koma mkono ndi mwendo wakumanja sizikugwira ntchito, ndipo kulankhula kukuwavuta. Adokotala sananene kuti akhala masiku angati. Akuti ayambe awaunika mutu. Ine ndi amayi tili pompano, sitikuchoka. Musanyamuke kaye, dikirani timve zotsatira, ndikuimbirani 7 koloko madzulo mukaweruka. Ndikudziwa kuti n'zowawa kumva muli kutali. Limbani mtima, achimwene."

Mawu amenewa sakwana ngakhale mphindi imodzi. Nkhani yeniyeni yabwera m'chiganizo chachiwiri, osati kumapeto. Matenda atchulidwa dzina lake. Mawu ozungulira monga "atopa" kapena "zavuta" ndi aulemu tikakhala pamodzi, koma pafoni munthu sadziwa ngati akutanthauza kudwala kapena kumwalira. Mayiyu sanalonjeze kuti bambo achira, chifukwa sakudziwa, ndipo sanawonjezere mantha. Wapereka nthawi yeniyeni yomwe adzalankhulanenso, kuti mchimwene wake asamangoyang'ana foni tsiku lonse. Kulira pang'ono m'mawu si vuto; ndi mwana wa wodwalayo. Chofunika ndi chakuti mawu onse amveke.

Mukamamvera zomwe mwajambula, dziyeseni kuti ndinu wolandira. Ngati masekondi 20 atha musanatchule nkhani, jambulaninso. Ngati mwalowetsamo dandaulo lakale, monga kunena kuti "inu mumangokhala kumeneko ife tikuvutika kuno", jambulaninso, chifukwa chiganizo chimenecho ndi chomwe chidzakumbukiridwe matenda atatha. Ngati mwapitirira mphindi ziwiri, ndiye kuti mwaphatikiza nkhani zingapo zomwe zimafunika kusiyanitsidwa.

Pambuyo pa voisi noti, mayiyu atumize meseji yolemba ya mfundo zokhazokha: dzina la chipatala, wodi yomwe agonekedwa, nambala ya munthu wina amene ali pomwepo ngati foni yake itazima, ndi nthawi yoimbirana. Awonjezerenso kuti achibale ena awauza yekha, kuti uthengawo usaponyedwe pagulu la banja azakhali okalamba asanauzidwe mwaulemu.

Nanga za ndalama za malata zija?

Nkhani imeneyi isakwere galimoto imodzi ndi ya matenda. Munthu amene wangomva kumene kuti bambo ake ali m'chipatala sangathe kulandira bwino nkhani ya ndalama, ndipo zikabwera pamodzi angaganize kuti matendawo akukokomezedwa pofuna kubisa za ndalamazo. Koma isachedwenso mpaka aimve kwa wina. Madzulo omwewo kapena mawa lake m'mawa, mayiyu ainene ndi pakamwa, chifukwa muli kupepesa: "Achimwene, pali china choti mudziwe. Pothamangira kuno ndinatengako pa ndalama zanu za malata zija osakupemphani. Pepani, panalibe nthawi yoti ndikufunseni." Akatero alembe mndandanda wake: zomwe zinapita pa galimoto, pa chakudya cha odwazika, pa zina ndi zina, ndi zomwe zatsala. Mawu asonyeza kuti sanachite mwachipongwe, ndipo zolembazo zidzateteza onse awiri miyezi ikadzapita anthu atayamba kukumbukira mosiyana.

Dongosolo lomweli limathandiza pa nkhani zina zocheperapo. Pokana kubwereketsa ndalama kwa msuweni, voisi noti yaifupi yonena kuti "sinditha" momveka bwino ndi yachifundo kuposa kungokhala chete. Pokumbutsa ngongole, kulemba n'kwabwino chifukwa kumasunga tsiku ndi ndalama zake. Podandaula kwa bwana kapena kwa mwini nyumba, lembani. Ndipo pamene mwapsa mtima, musagwire maikolofoni n'komwe, chifukwa ukali umamveka m'mawu ngakhale mutasankha mawu aulemu. Lembani zomwe mukufuna kunenazo, muzitumize ku nambala yanu yomwe, zomwe WhatsApp imalola, kenako mudzaziwerenge kukacha.

Mukatumiza, ntchito sinathe

Kachizindikiro kamodzi kotuwa kamatanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike pafoni ya mnzanuyo. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika, ndipo tikasanduka tabuluu ndiye kuti watsegulidwa, ngakhale ena amazimitsa zimenezi pafoni zawo. Pa voisi noti, kamaikolofoni kamasanduka kabuluu munthu akaimvera. Zizindikirozi zimangonena za foni. Sizinena ngati munthu wamvetsa, ngati anamvera mpaka kumapeto, kapena ngati amene watsegulayo ndi mwini wake.

Choncho uthenga wolemera ukakhala pa kachizindikiro kamodzi kwa maola angapo, musaganize kuti mwauza munthu. Fufuzani njira ina, kaya SMS kapena kuimbira mnzake wokhala naye nyumba imodzi. Akamvera koma osayankha, musamuthire mauthenga ena khumi, ndiponso musafulumire kukhumudwa. Anthu ena amafuna ola limodzi kuti mtima ukhale pansi. Dikirani nthawi yomwe munalonjeza ija, ndipo ikakwana imbani, ngakhale palibe chatsopano choti munene. Poyamba pa kukambiranako, mufunseni kuti wamva zotani pa zomwe munatumiza. Yankho lake lidzakusonyezani pomwe sanamvetse, ndipo mudzakonza pomwepo nkhaniyo isanapite kwa ena ili yokhota.